Njira Yolambalala Lilongwe Imayambira pa Kanengo

Ife amene tinaperekezako mabelo ku okushoni ya ku Kanengo msika wa Chinkhoma usanabwere, Lilongwe tinaidziwira pamwamba pa lole. Kwathu kwa Kaomba tinkanyamuka tambala woyamba asanalire, titadzikulunga m'mabulangete, mphepo ya mu Juni ikuluma makutu. Fungo la fodya wodinda kumene ndi la ziguduli linkalowerera m'malaya moti ngakhale kutchalitchi Lamulungu lotsatira anthu ankadziwa kumene wachokera. Kuwoloka Bua kudakali mdima, Madisi, Mponela, Lumbadzi, kenaka nyumba zazitali za mafakitale a ku Kanengo zikutulukira m'nkhungu. Mtunda wonsewo, makilomita pafupifupi 130, sipankakhala chosankha. Msewu unali umodzi, M1, ndipo wopita ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Blantyre ankayenera kulowa m'mimba mwenimweni mwa tawuni, kutsikira pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, kukwera chitunda cha kumsika, kudutsa Biwi, n'kutulukira kummwera.

Lero mdzukulu wanga amayendetsa galimoto foni itapachikidwa pagalasi, ndipo akaimva ikulankhula amaimvera kuposa mmene amamvera ine. Chaka chatha tinali pa ulendo wa ku ukwati ku Ntcheu, kumbuyo thumba la ufa ndi nkhuku ziwiri. Tikuyandikira Kanengo ndinamuuza kuti akonzekere kukhotera kumanja. "Agogo, bayipasi ili kutsogolo, sitinafike n'komwe," anatero akuseka. Sananame, koma nzeru yake inali ya theka. Msewu umene anthu amautcha bayipasi ndi wa makilomita 13 okha. Umayambira pa raundabauti ya pa msewu wa ku Mchinji, pafupi ndi Gateway Mall, n'kukathera pa raundabauti ya pa mphambano ya ku Bunda, pamene umakumana ndi M1. Unamangidwa ndi ndalama za banki ya chitukuko ya mu Africa ngati gawo la njira ya katundu yopita kudoko la Nacala, makamaka kuti mathiraki asamapanikizane ndi anthu pakati pa tawuni. Choncho si mkombero wozungulira mzinda wonse ayi, ndi chidutswa cha kumadzulo ndi kummwera basi. Wochokera ku Dedza amaupeza uli pakhomo. Ife ochokera kumpoto tiyenera kuufunafuna, ndipo kuufuna kwake kumayambira pa Kanengo.

Kale kulowa m'tawuni kunali gawo la ulendo, ndipo ndikavomereza, tinkakukonda. Basi ya UTM inkatitula pa depoti, ife n'kumwa tiyi wa mkaka m'kapu ya chitsulo yotentha milomo, n'kugula sikono, sopo ndi nsalu ya amayi kunyumba. Pamlatho unkatha kuona madzi ndi anthu ochapa m'munsi, galimoto zikudutsa imodziimodzi. Dalaivala wa lole akakumana ndi mnzake ankakweza dzanja. Komabe ndisakunamizeni, anzanga a imvi: msewu unali wopanda anthu chifukwa ambiri a ife tinalibe choyendetsa. Galimoto zinali za boma, za makampani ndi za eni maesiteti. Ndipo tsiku limene Kamuzu akudutsa, msewu umodzi womwewo unkatsekedwa, tonse n'kuima padzuwa maola, popanda wong'ung'udza mokweza. Bata limene timalisowa lija, mbali ina linali umphawi ndi mantha.

Tsono njira yake ndi iyi, ndipo ndiifotokoza monga ndimaiyendera. Mukachoka ku Lumbadzi n'kufika pa Kanengo, musiye M1 ndi kukhotera kumanja, kumadzulo, mu msewu wa Chendawaka wolowera cha ku Eriya 25. Kukhota kumeneku kumadula njira ya galimoto zochokera m'tawuni, ndiye yatsani indiketa msanga ndipo musathamangire kampata kakang'ono patsogolo pa thiraki yodzaza. Msewu umenewu umakakutulani mu msewu wa Kaunda, umene umatsika chakummwera kudutsa Eriya 49, bwalo la masewero la Bingu ndi Eriya 47, mpaka pa raundabauti ya pa Gateway Mall. Pamenepo pali manja atatu. Lamanzere likulowetsani m'tawuni, lamanja ndi la ku Mchinji, ndipo lanu ndi lapakati, lolunjika. Mukatero mwalowa mu bayipasi. Kutsogolo mupeza raundabauti ina pamene msewu wa ku Likuni umadutsa, cha ku Chinsapo. Apanso lunjikani. Mukafika pa ya ku Bunda, tsatani chikwangwani cha Dedza ndi Blantyre, chifukwa dzanja lamanzere pamenepo limakubwezerani m'tawuni momwe mwathawamo.

Mdzukulu wanga pa Kanengo anapitirira. Sitinataye zonse, chifukwa mzindawu umapereka mwayi katatu. Wachiwiri uli pa Eriya 18. Inu amene munachoka kalekale mukukumbukira raundabauti imene galimoto zinkaunjikana ngati ng'ombe pa dibi. Inachotsedwa, ndipo kuyambira 2020 pali misewu yodutsana pamwamba ndi pansi. Kuchokera pamenepo pali msewu wotakata wopita kumadzulo ku bwalo la Bingu, kumene mumakalowa mu msewu wa Kaunda uja. Chimene chimasokoneza ife a kumudzi n'chakuti pamalo otere sukhotera kumanja monga tinazolowera. Ngakhale ukupita kumanja, umatulukira kumanzere, msewu n'kukuzungulitsa wokha mpaka utayang'ana kumene ukufuna. Khalani mu mzere wa kumanzere musanafike, muchepetse liwiro, muwerenge chikwangwani. Mukaphonya potulukira, musabwerere chammbuyo, pitirirani. Mwayi wachitatu, womaliza, uli pa Crossroads, pamene msewu wa ku Mchinji umachoka mu M1. Mukakhotera kumanja pamenepo mumakafika pa Gateway Mall kuchokera kummawa, ndiye bayipasi imakhala kumanzere kwanu. Ife tinapulumukira apa. Mukadutsa pa Crossroads osakhota, basi, mwalowa m'tawuni yakale: mlatho, msika, maminibasi oima paliponse, akabaza otulukira m'khwapa mwanu.

Mlatho uja anaukuza ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo ndi wokongola. Koma kukula kwa mlatho sikuchotsa depoti, sikuchotsa msika, sikuchotsa munthu wowoloka ndi dengu la tomato pamutu. Chimene chimachedwetsa m'tawuni si kutalika kwa mtunda koma kuimaima. Njira yolambalala ndi yotalikirapo, koma galimoto imayenda mosadukiza, kilatchi imapuma, injini sitentha, ndipo mafuta, amene masiku ano timawawerengera ngati mchere wa m'chaka cha njala, sapsera pamalo amodzi.

Kale kumene kwadutsa bayipasiko kunali minda ya chimanga ndi madimba. Itangotsegulidwa, unkayenda ngati uli pakati pa Chinkhoma ndi Bua, mphepo ikulowa pazenera, fungo la udzu wopsa. Lero mzinda wautsatira. M'mbali mwake mwamera nyumba, malo omwetsera mafuta, ogulitsa njerwa, matabwa ndi makala, ndi ana a sukulu owoloka mothamanga. Msewuwo ndi wa mizere iwiri yokha, wopita ndi wobwera. Mukapezeka kumbuyo kwa thiraki ya feteleza kapena ya mafuta, mtima umakuuzani kuti mupitirire, ndipo apa ndi pamene anthu amavulalira. Werengani nokha: makilomita 13 pa liwiro la 40 ndi mphindi pafupifupi 20, pa liwiro la 60 ndi mphindi 13. Chimene mukulimbirana ndi thirakiyo ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Usiku samalani koposa, popeza apanjinga ambiri alibe nyali ndipo oyenda pansi amatulukira mumdima.

Chinanso chimene foni siingakuuzeni mukadali kwa Kaomba ndi nthawi yonyamukira. Msewu wa Kaunda si wa apaulendo okha. Ndi umene anthu a ku Eriya 25 ndi 49 amapitira kuntchito, ndipo mmawa amalowera mbali yomweyo imene inu mukupita. Ife a fodya tinazolowera kulawira, koma kunyamuka 5 koloko kumakufikitsani pa Kanengo cha m'ma 7, pamene mzinda wonse uli pamsewu. Bwino kunyamuka cha m'ma 7, tiyi mutamwa, n'kufika cha m'ma 9 mdipiti utachepa, kapena kulawiriratu 3 koloko ngati maso ali bwino. Pobwerera zimatembenuka: madzulo anthu aja akuweruka kulowera kumpoto, ndiye yesetsani kukhala mutadutsa Kanengo 4 koloko isanakwane. Msika wa fodya ukatsegulidwa, cha mu Epulo kupita mtsogolo, yembekezani malole a mabelo ochuluka pa Kanengo. Ndipo musananyamuke mverani wailesi. Bwalo la Bingu, limene linatsegulidwa mu 2017, limalowa anthu oposa 40,000. Tsiku la mpira waukulu kapena mwambo wa boma, msewu wa pakhomo pake umadzaza, ndipo mungachite bwino kusintha ola lodutsira kusiyana n'kukakamira.

Madalaivala akale anali ndi khalidwe limene ndimalilakalaka. Asanayambe ulendo ankafunsana pa sitolo: kutsogoloko kuli bwanji? Wobwera kuchokera ku Lilongwe ankaima, kutsitsa galasi, n'kukuuza za mlatho wokokoloka kapena lole yogona pamsewu. Achinyamata inu mumafunsa galasi la m'manja, ndipo sindikutsutsani kwenikweni. Tsiku lija foni ndi imene inationetsa kuti kutsogolo kwa Crossroads kwafiira, mdzukulu wanga n'kukhota osadikiranso mawu anga. Koma foni imayamba kukuthandiza utafika kale. Siidziwa kuti wa kwa Kaomba wopita ku Mchinji alibe chifukwa choonera Lilongwe n'komwe, popeza msewu wa M18 wodzera ku Santhe ndi Kamwendo ulipo, pokhapokha utaifunsa bwino usanatuluke pakhomo.

Pobwerera ku ukwati, titadutsa pa geti yolipira ya Kalinyeke ku Dedza ndi pa Nathenje, ndinakhala chete dala. Pa raundabauti ya ku Bunda mnyamatayo anayatsa indiketa ya kumanzere yekha, n'kulunjika pa ya ku Likuni, n'kulunjikanso pa Gateway Mall, ndipo tinatulukira pa Kanengo dzuwa likadali pamwamba. Ku Mponela tinaima kugula chimanga chootcha. Inu amene mukupita kummwera mwezi uno, muuzeni wokuyendetsaniyo za Kanengo mukadali pa Lumbadzi.