Chitseko cha Mlombwa ndi Tsiku Lolonjezedwa

Masiku ano kwabuka anyamata amene, akangogula sowo ndi hamala pa msika wa Kapata ku Chipata, amabwerera kuno ku Vubwi akudzitcha amisiri, ndipo munthu akawafunsa kuti chitseko chidzatha liti, amayankha mosaphethira kuti mawa lomweli, pamtengo woti ine sungandikwanire ngakhale kugulira matabwa okha. Chitsekocho chimathadi mawa, pakuti n'chapaini wamuwisi wongokhomerera ndi misomali, chopakidwa vanishi wochuluka kuti chinyenge maso. Koma dzuwa la Okutobala likachiwomba, chimang'aluka mipata yoti wodutsa panjira aone za m'nyumba. Ndipo tsiku limene anyamatawa alephera kusunga lonjezo, lamya amazimitsa, pa shedi amathawapo, mwini katundu n'kumangouzidwa kuti mmisiri wapita kumaliro.

Amene anandiphunzitsa ine ntchito sanali otero. Anali nkhalamba yamsinkhu, yosalankhulalankhula, imene inayamba kugwira pulena tauni ya Chipata ikadatchedwa Fort Jameson. Chaka changa choyamba chonse sanandilole kudula thabwa. Ntchito yanga inali kunola matchizulo pa mwala, kusesa zipalapala, ndi kusanja matabwa m'chisakasa, ndipo akapeza mulu wosanjidwa mokhota ankaugumula ndi phazi osanena kanthu. Pa zonse zimene ankadana nazo, bodza la mmisiri ndilo linali patsogolo. Ankati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo wosadziwa kulemera kwake asatchule tsiku; koma akalitchula, nazindikira kuti salikwanitsa, ayenera kudzuka yekha, kuvala malaya ochapa, ndi kukafika pakhomo la mwini katundu tsikulo lisanakwane. Ndinawaona ndi maso angawa, bambo a imvi, akupalasa njinga kukapepesa kwa mnyamata wamsinkhu wa mwana wawo chifukwa cha bedi.

Mlombwa, umene ena kuno amautcha mukwa, ndiwo mtengo umene mtima wanga umakondwera nawo. Ukadulidwa umakha utomoni wofiira, ndipo mtima wake, wofiirira ndi mizere yokongola, chiswe sichiulowa msanga. Koma khungu loyera la m'mbali liyenera kuchotsedwa lonse, chifukwa limafumbwa. Ukauma bwino sufupika kwambiri ndipo supindika. Ulemu wake wonse wagona pa mawu amenewo, ukauma bwino. Thabwa silifupika m'litali, limafupika m'mimba mwake, ndipo n'chifukwa chake chitseko chopangidwa ndi matabwa auwisi chimakhala bwinobwino pa tsiku lochipachika, kenako malilime amagwedera m'mabowo mwake, guluu amaleka, ndipo loko imakana kulowa. Poumitsa timasanja matabwa pamthunzi, pamwamba pa mitanda kuti asakhudze dothi, ndi timitengo touma pakati pa thabwa ndi linzake, tolunjikana kuchokera pansi kufika pamwamba, kuti mphepo idutse koma thabwa lisawerame. Kumapeto kwake timapaka penti, chifukwa madzi amatulukira kumeneko mofulumira, thabwa n'kung'ambika. Pofuna kudziwa ngati lauma, ena amaligunditsa patsaya, pakuti lauwisi limazizira. Ena amaona utuchi, umene umaumbika m'dzanja ngati madzi akadalimo. Ine ndimadula kachidutswa, n'kumakayeza pa sikelo sabata ndi sabata, ndipo kulemera kwake kukaleka kutsika, ndiye kuti nthawi yogwira pulena yakwana.

Mlombwa womwewu ndi umene unandiyendetsa ulendo wokapepesa. Bambo ena, aphunzitsi opuma pantchito, anandipatsa ntchito mu Febuluwale ya zitseko ziwiri za nyumba yawo yatsopano, nalipira theka la mtengo ngati chikole, ndipo tinapangana kuti ndidzazipachika kumapeto kwa Meyi, kuti iwo akangokolola alowe m'nyumbamo ndi mbewu zawo. Koma ochekera matabwa kuthengo anachedwa ndi mvula, ndipo matabwa anandipeza mu Epulo akadali olemera ndi madzi. Sikelo inandiuza poyera kuti Meyi adzatha asanaume. Ndikanatha kuwapala momwemo, kulandira ndalama zanga, mlandu n'kudzabuka m'chilimwe. Koma mlandu suola, ndipo chitseko chimene chang'aluka chimatchula dzina la wochipanga kwa mlendo aliyense wolowa pakhomopo.

Ndinapita kwa aphunzitsiwo kukadali masabata, kuti akhale ndi mpata wokonza zawo. Atandilandira, tinalonjerana, ndipo ndinati: "Bambo, ndabwera ndi mawu osakoma. Zitseko zanu zija sizitheka pa tsiku limene ndinakulonjezani. Tsikulo ndinalitchula ndine, matabwa ndisanawagwire m'manja, ndipo kulakwa n'kwanga. Pepani ndithu." Za mvula ndinazitchula kamodzi kokha, iwo atafunsa, pakuti wopepesa akachulutsa zifukwa amakhala akudzichotsera mlandu, ndipo womva amazindikira msanga.

Kupepesa kopanda kanthu m'manja sikutseka khomo la munthu, ndipo bambowa chimene ankasowa sichinali chisoni changa ayi, koma nyumba yotsekeka yosungamo chimanga ndi soya. Choncho ndinapitiriza kuti: "Pa tsiku lomwe lija tinapangana ndidzabwera ndi zitseko ziwiri zamalaina zimene ndili nazo pa shedi, ndidzazipachika ndi mahinjesi ndi maloko, popanda inu kulipira kanthu, kuti mulowe m'nyumba mwanu monga munakonzera. Zamlombwazo ndidzazipachika Loweruka loyamba la Ogasiti. Ngolo yonyamulira ndidzalipira ndine, ndipo vanishi ndamuchotsa pa mtengo. Koma ngati mtima wanu suli pa kudikira, chikole chanu ndili nacho m'thumbamu, ndikubwezerani lero lomwe."

Tsiku latsopanolo sindinalitchule mongoganizira. Ndinawerengera kutsika kwa sikelo, ndinaonjezapo nthawi yopala ndi kulumikiza, ndi ina yapadera yotetezera zosayembekezeka, popeza kuphonya kachiwiri sikupepeseka. Ndinadziwanso kuti kumapeto kwa Ogasiti anthu amakhamukira ku Mkaika, ku Katete, kukachita Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo abale ochokera ku Malawi ndi ku Mozambiki amagona m'makomo mwathu. Zitseko zinayenera kukhala zitapachikidwa alendowo asanafike. Bambowo anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati angabwere kudzaona matabwawo. Anabweradi, ananyamula kachidutswa kaja, anaona manambala amene ndinalemba pakhoma ndi choko, ndipo chikole anachisiya.

Sindikunena kuti makasitomala onse ali ngati iwowa. Alipo amene amachedwetsa chikole mwezi wathunthu, akudikira ndalama za fodya, koma tsiku lolandira katundu safuna kuti lisunthe. Alipo amene amasintha muyeso felemu itatha kale, ndi ena amene amandiyerekeza ndi anyamata apaini aja, kumati mtengo wanga ngwokwera, osadziwa kuti mlombwa wasowa, kuti kudula kumafuna chilolezo cha a zankhalango, ndi kuti thabwa limene lagona miyezi m'chisakasa ndi ndalama zanga zimene zagona. Munthu wotere ukamuchotsera vanishi amafuna umuchotserenso mahinjesi. Kwa iyenso ndimapepesa ndikachedwa, koma malire a chimene ndingapereke ndimawanena pomwepo, pamaso pa mboni.

Zitseko za aphunzitsi zija ndinazipachika pa Loweruka lija, zamalaina n'kubwerera nazo pa ngolo yomweyo. Inu amene mukumanga, ngati mufuna chitseko cha mlombwa chaka chamawa, bwerani tipangane chaka chino, matabwa achekedwe mvula isanayambe.