Kalata imene inandibwezera malikisi 5

Lipoti langa la mu labu litabwera ndi malikisi 9 pa 20, ndinakhala pa khonde la hositelo mtima uli phuphuphu. Cholembera chofiira chinazunguliza yankho langa, 0.0938 M, pambali pake n'kulemba 0.0984 M. Usiku umenewo ndinalembera a lekichala kalata yaukali, koma kutacha ndinaing'amba. Yachiwiri ndinailemba buku langa la mu labu lili chitsegukire patebulo.

Ntchito yake inali kupeza mphamvu ya asidi wa HCl pomuthira NaOH kuchokera mu byureti mpaka madzi atasanduka pinki wapatalipatali. M'kalatamo ndinati:

"Olemekezeka Aphunzitsi, ndikupempha kuti muonenso tsamba 3 la lipoti langa. Pa botolo la NaOH panalembedwa 0.100 M, koma ine sindinadalire chizindikirocho, poti timibulu ta NaOH timayamwa chinyezi tikamayezedwa pa sikelo, ndipo akasungunulidwa amayamwanso CO2 wa mumpweya, mphamvu n'kutsika. Ndinayamba ndamuyesa ndi KHP, monga munatiphunzitsira. Magalamu 0.510 a KHP, kugawa ndi 204.22, ndi mamolo 0.002497, ndipo anatha mamililita 26.20 a NaOH. Ndiye kuti mphamvu yake yeniyeni inali 0.0953 M. Mamililita 25.00 a asidi anatha mamililita 24.60, choncho 0.0953 × 24.60 ÷ 25.00 = 0.0938 M. Mukaika 0.100 m'malo mwa 0.0953 mupeza 0.0984, yankho lomwe lalembedwa mofiira lija."

Mfundo yachiwiri inali ya malikisi 2 amene anandichotsera ati chifukwa chotaya nambala. Ndinathira kanayi: 25.40, 24.60, 24.55 ndi 24.65. Ulendo woyamba unali wongofufuza pomwe mtundu usinthire, ndipo ndinapitiriza, madzi anachita pinki wa psuu. Zitatu zinazo zikusiyana ndi mamililita 0.10 okha, n'chifukwa chake ndinawerengera zimenezo.

Panali pena pomwe ndinalakwadi, ndipo sindinabise. Pa tebulo la zotsatira ndinaiwala kulemba mL, komanso chifukwa chosiyira 25.40 chinali m'buku langa lokha, osati mu lipotimo. Ndinawauza kuti malikisi a pamenepo sindikuwalirira ayi. Kalatayo ndinaiphatikiza ndi fotokope ya tsamba la m'bukumo, pomwe panali siginecha ya wothandizira mu labu ndi deti la tsikulo.

Panapita masiku asanu ndi atatu kuli zii, moti ndinayamba kuwalambalala a lekichala m'njira, kuopa kuti ndawaputa. Kenako anandiitanitsa ku ofesi. Anabwereza masamu onse pa kakyuleta ine ndikuona, nagwedeza mutu, n'kufufuta 9 kulemba 14. Pa za 25.40 anangondibwezera limodzi.

"Linalo likhala kuno," anatero akundipatsa pepala. "Wochonga sawerenga za mumtima mwanu, achimwene."