Kwa achemwali, kuchokera ku Joni



Kalata yanu ndailandira, ndipo ndaiwerenga katatu ndili mu bulangeti, chifukwa chisanu cha Juni kuno ku Joni chimalowa mpaka m'mafupa. Chimasiyana ndi chiperoni cha kwathu chija, chomwe chimatsika m'phiri ngati utsi nkunyowetsa tsitsi la ana opita kusukulu. Cha kuno nchouma, chimang'amba milomo. Ndikatseka maso ndimaona Chambe atavala mtambo, minda ya tiyi itayalika ngati mphasa yobiriwira, ndi inu mutakhala pakhonde la amayi mukusenda kalongonda yemwe mwamuphika kuyambira mmawa. Mulanje wanga, zaka 26 ndakhala ndikukuonera pa zithunzi za m'foni ndi pa masabata awiri a Khirisimasi.

Mwandifunsa kuti, "Bwanji osangosiya ntchitoyo, mutenge ndalama zanu mubwere?" Funso limeneli landigoneka mochedwa. Mtima ukufuna kukwera basi ya mawa pa Park Station, koma ndimvereni kaye, mlongo wanga.

Ndili ndi zaka 53. Lamulo la kuno limati munthu atha kupuma ntchito nkutenga ndalama za penshoni ngati wopuma akakwanitsa zaka 55. Ndikadikira zaka ziwirizi, boma silidula msonkho pa R550,000 yoyamba, bola munthu asanatapepo kale. Zanga zili pafupifupi R400,000, ndiye sizidzadulidwa msonkho. Koma ndikangosiya ntchito lero, yosadulidwa ndi R27,500 yokha, yotsalayo amadulapo R18 pa R100 iliyonse. Ndawerengera pakachikuto ka kope: ndingataye R67,000. Ndalama imeneyo ndi thukuta la zaka zingapo, sindingaisiye pamsewu chifukwa cha kupukwa. Anzanga ambiri anathamangira kukatapa pomwe lamulo latsopano linayamba pa 1 Sepitembala 2024, lolola munthu kutengako pang'ono akadali pantchito. Ine ndinagwira mtima, pakuti zotapa choncho amazidula msonkho ngati malipiro.

Zaka ziwirizi tsono ndi zokonzera pofikira. Pambali pa penshoni ndasunga R90,000, ndipo maganizo anga akadali pa chigayo. Mukudziwa komwe anachokera. Mukukumbuka amayi akutidzutsa tambala woyamba, thumba la mphale pamutu, kuwoloka kamtsinje kaja madzi ali m'mawondo, nkukapeza mzere wafika kale pamsewu? Tinkabwerako dzuwa litapendeka, mutu uli mbuu ndi ufa, m'mimba muli mbatata imodzi. Mwandiuza kuti mpaka lero azimayi a kwathu akuyendabe mtunda womwewo, ndipo mtima wanga unawawa. Komatu chisoni sichilipira magetsi. Nchifukwa chake ndinapempha mwana wanu wachisamba kuti akakhale pafupi ndi chigayo cha kumsika chija, aziwerenga ndowa zolowa ndi kufunsa mwaulemu komwe eni ake achokera.

Wandilembera bwino mwanayo, mumuthokoze. M'mwezi wa Meyi, chimanga chili mbwee, zimalowa ndowa ngati 70 patsiku, ndipo theka ndi la anthu a tsidya lathu. Tinene kuti 35 zingabwere kwa ife. Ndikuwerengera mu ndowa dala, chifukwa mtengo wa kwacha womwe ndingalembe lero udzakhala utasintha kalatayi isanafike pa Chitakale. Monga anandifotokozera mnzanga wina yemwe bambo ake anali ndi chigayo, pa ndowa 10 zilizonse zogayitsa, ndalama ya ndowa 4 imapita ku magetsi, ya imodzi imapita ku nyundo, sefa ndi malamba zomwe zimatha ndi ntchito. Yotsala ndi theka. Pa 35 paja titsala ndi 17. Wogayitsa, mlonda ndi chiphaso cha kukhonsolo ndaziika pa ndowa 8 tsiku lililonse, kaya kwabwera anthu kaya ayi. Zathu zenizeni ndi 9.

Apo nkuti kuli kukolola. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikakhala pululu, anthu akugayitsa kambale kamodzi ka chimanga chogula pamsika kapena makaka a chinangwa. Zikatsika kufika pa ndowa 10, theka lake ndi 5, pomwe antchito akufuna 8. Ndiye kuti tsiku lililonse tikutulutsa m'thumba ndowa zitatu. Chigayochi chimayamba kudzidyetsa chokha pa ndowa 16, kutsika apo chikudya ife. Choncho mwanayo asatope, awerengenso m'miyezi ya njala, sabata ziwiri mu Januwale ndi ziwiri mu Febuluwale, alembenso masiku omwe magetsi azima ndi maola ake. Ndisanaone kope limenelo sindigula ngakhale bawuti imodzi.

Za magetsi ndiye pali mutu wa nkhani. Mota ya chigayo, monga ya makilowati 15 yomwe ndikuiganizira, siyenda ndi magetsi a m'nyumba aja oyatsira babu ndi wailesi. Imafuna amphamvu, aja amati filii fezi, ndipo amachokera pa thiransifoma. Malo akatalikira thiransifoma, mapolo ndi mawaya olumikizira atha kudya ndalama yoposa ya makina. Pemphani alamu apite ku ofesi ya ESCOM akafunse mtengo wolumikizira, awapatse cholembedwa papepala, ayezenso ndi mapazi kuchokera pa thiransifoma ya kusukulu kufika pamalo pathu. Cha dizilo ndachikana. Mafuta akasowa, monga mwakhala mukundiuza za mizere ya pa Boma, chigayo chimangokhala chete ngati manda, komanso injini imafuna mmisiri pafupipafupi.

Malowo ndinkafuna akhale pansi pa mtengo wa mango waukulu uja, pomwe tinkasewera phada ndi ana a azakhali. Mwandiuza kuti namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anakokolola mtengowo pamodzi ndi dimba la agogo, ndipo mtsinje unasintha njira. Ndinalira ndekha m'chipinda, munthu wamkulu ndi imvi zanga. Agogo akanati wadutsa napolo. Ndiye kudambo ayi. Tiyang'ane kumtunda, kufupi ndi njira yomwe anthu amadutsa popita kumsika, ndipo maziko akhale okwera, a simenti, mota ikhale pamwamba poti madzi sangaifike.

Pali china chovuta kuchilemba, koma kulibwino ndichinene tikadali moyo tonse. Malo amenewa ndi a mbumba, a inu ndi ana anu aakazi, monga mwa mwambo wathu. Ine ndine malume chabe, woyang'anira. Mlamu wanu ndi ana anga alibe gawo pa nthakayo. Ndikadzagona, sindikufuna kuti ana anu ndi ana anga adzaonane pabwalo la mfumu chifukwa cha chitsulo. Tikakhale pansi pamaso pa anyakwawa ndi mboni, tilembe kuti nthaka ndi ya mbumba, makina ndi nyumba yake ndi zanga, ndipo chigayo chizilipira mbumba kangachepe mwezi ndi mwezi. Musaone ngati ndakukayikirani, achemwali. Kwathu malo ndi ochepa, ambiri anapita ku tiyi kalekale, ndipo pomwe pali kusowa ngakhale ana a bere limodzi amatukwanizana.

Ndalama ndazigawa motere. Chigayo chonse, kuyambira njerwa, malata, makina mpaka magetsi, chisapitirire R150,000. Tiyambe ndi R90,000 yosunga ija ndikadali pantchito, kuti ngati chili ndi matenda chiwaonetse malipiro anga akubwerabe mwezi ndi mwezi. Tiyambe ndi chogaya chokha. Chokonola chidzabwere chikadzagulidwa ndi phindu la chinzake, ngakhale ndikudziwa kuti madeya ake angatithandize kuweta nkhumba. R60,000 ina ikhale pambali, ya tsiku lomwe mota idzapse kapena mbala zidzabe mawaya. Yotsalayo ndi ya ukalamba wanga ndi mlamu wanu, ya mankhwala a BP ndi chimanga cha chaka cha chilala. Imeneyo sidzalowa mu bizinesi ina iliyonse, ngakhale wina abwere ndi nkhani yokoma ya nandolo. Simunaiwale 2017, India atachepetsa kugula, anthu a kwathu anatsala ndi matumba m'nyumba, mavenda akutchula mtengo wonyoza.

Ndipo sindidzasintha ndalama zonse kukhala kwacha tsiku limodzi. Apa ndinapsa kale. Mu 2023 ndinatumiza kangachepe kuti kazidikira m'buku la kubanki, ndikuti ndi ka malata. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Manambala m'bukumo anali omwewo, koma malata omwe akanagula anachepa. Tsopano ndizitumiza pokhapokha chogula chapezeka ndipo mtengo wamveka: lero simenti, ikagulidwa ndi kumangidwa, kenako malata. Malisiti muzisunga m'chitini chija cha amayi chosungira makadi a kutchalitchi, ngati chilipo.

Chomwe chimapha zigayo zambiri ndi chibale, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine. Azakhali abwera ndi ndowa, "mwana wanga ndigayire, ndidzapereka." Mawa apongozi, mkuja a kumpingo. Pakutha pa mwezi mayunitsi atha, m'kabati mulibe kanthu. Ine ndati aliyense azilipira, ngakhale ineyo. Amene tikufuna kumuthandiza, monga agogo aja osaona a kuseri kwa tchalitchi, ndizimulipirira kuchokera m'thumba langa, zilembedwe m'kope. Wogayitsa asamagwire ndalama. Wolandira ndalama akhale wina, azipereka katikiti, ndipo madzulo aliwonse tiziyerekeza matikiti ndi mayunitsi omwe atsika pa mita. Mayunitsi akamatsika kwambiri matikiti ali ochepa, pali awiri: wina akugaya mwamseri, kapena nyundo zatha ndipo mota ikuvutika kuphwanya chimanga. Ufa ukayamba kutuluka wokhakhala, sefa yabooka. Zimenezi ndikufuna ndidzaziphunzire ndi manja anga, choncho Disembala uno ndikabwera ndikagwira ganyu sabata imodzi pa chigayo cha ku Limbuli kapena ku Luchenza, kutali ndi omwe tidzapikisane nawo. Anthu adzaseka kuti wa ku Joni wayera ndi ufa, asekeni.

Mwati ana a masiku ano akuthawira ku Mozambique kudzera pa Muloza kukasaka maganyu, ndipo mudzi watsala wa agogo ndi tiana. Nanga ndikadzabwera ndidzacheza ndi yani pansi pa kachere? Anzanga omwe tinkasambira nawo ku Likhubula, ena ali kumanda, ena ali konkuno akulondera mageti a eni. Nthawi zina ndimaopa kuti ndidzafika ngati mlendo, ana nkumandilozera njira ya kwathu komwe. Komabe ndikubwera. Ndikufuna kudzadzuka mmawa phiri lili pakhomo, kudzadya chinanazi chothyola ndekha, kudzamva chigayo chikulira ndili m'munda.

Mupereke moni kwa alamu, kwa anyakwawa ndi kwa ana onse. Pamanda a amayi mukalambulepo udzu usanaume, ndatumiza kangachepe ka maluwa. Ndipo chonde, kope la mwana uja lisanyowe ndi mvula.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
wa ku Joni