Foni inandidukira katatu pakati pa Dedza ndi Ntcheu

Foni imene ndinaidikira miyezi iwiri inalira ndili m'basi, titangodutsa Dedza kulowera ku Blantyre. Anali mayi a ku ofesi ina kumene ndinafunsira ntchito.

"Tikufuna mubwere Lachi…" Zii.

Anaimbanso, inadukanso. Kachitatu anangoti, "Achimwene, mukakhala pabwino mutiimbire." Thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira.

Chinandipweteka n'chakuti timizere ta netiweki tinalipo. Chimene chinkasintha ndi kachilembo ka pambali pake: 4G, kenako H, kenako E. Mnzanga wokonza mafoni ndiye anadzandimasulira. Ukamayenda, nsanja imodzi imapatsira inzake foni yako uli pakati polankhula. Kupatsiranako kumavuta kwambiri foni ikamachoka pa mtundu wina wa netiweki kupita pa wina, monga kuchoka pa 4G kapena 3G kugwera pa 2G. Basi ikamathamanga, nsanja yoyamba imatha kukutaya yachiwiri isanakugwire.

Ndiye masiku ano, ndikamayembekezera foni yofunika pa ulendo, ndimaletseratu kudumphadumphako. Pa Samsung yanga ndimalowa Settings, Connections, Mobile networks, kenako Network mode, n'kusankha 2G only. Pa mafoni ena a Android malowa amalembedwa Preferred network type. Kumidzi 2G nthawi zambiri imafika patali kuposa inzakeyo, ndipo foni ikakhazikika pamenepo imangosintha nsanja, osasintha mtundu wa netiweki. Koma pali mtengo wake: WhatsApp imayenda ngati kamba, zithunzi osatseguka. Tsiku lina ndinaiwala kubwezera, ndipo ndinatha madzulo onse ndikudandaula kuti bandulo yanga ili ndi vuto.

Pamsewu umenewu palinso china. Cha ku Lizulu, M1 imayenda m'malire enieni, moti tsidya lina la msewu ndi Mozambique, ndipo netiweki ya kuno ikafooka foni imatha kukagwira ya uko. Pa Mobile networks pomwepo pali Network operators. Ndimazimitsa Select automatically n'kusankha ndekha kampani ya simu yanga, kuti foni isamasochere.

Ngati timizere tazimiratu, monga zimachitikira kuseri kwa phiri, musavutike ndi zonsezi. Pamenepo palibe nsanja yoti ikulandireni, ndipo palibe batani limene lingaibweretse. Ine ndikaona timizere tikutha ndimangonena msanga kuti, "Ikaduka ndikuimbirani."

Mayi aja ndinawaimbira basi itaima pa Ntcheu, nditatsika n'kuima pafupi ndi ogulitsa mbatata, chala china chili kukhutu. Linali Lachinayi, osati Lachiwiri monga ndinkaganizira njira yonse ija.