Chithunzi cha m'sutikesi ya ku Joni

Amayi anzanga, nonse mukudziwa zimene zimachitika mwana akatuluka m'chikuta. Anthu amabwera ndi ufa ndi sopo, koma maso awo amakhala pa ntchito ina. Wina amati mphuno ndi ya bambo, wina amati chipumi ndi cha kuchikazi, ndipo onse amaseka. Tsoka lili kwa mwana amene alendowo amuyang'ana nthawi yaitali kenaka n'kungoti, "Koma ndiye wanenepa bwino." Mawu otsalawo amakayankhulidwa ku chitsime.

Mwana wa mchemwali wanga anakula ndi tsoka limeneli. Ndi mtsikana wamtali, wa khosi lalitali, wa mpata pakati pa mano awiri akutsogolo, ndipo akaseka masaya ake amalowa tizenje. Kwathu tonse ndife aafupi, a nkhope zozungulira. Bambo ake, amene anabwera kudzakhala pachikamwini, nawonso alibe chimodzi mwa zimenezi. Palibe anayankhulapo poyera, koma mwana si chitsiru. Pofika Sitandade 8 anali atasiya kuseka ndi mano poonekera, ndipo tsiku lina anafunsa mayi ake, akutsuka mbale, ngati panali china chimene sanamuuze.

Chikamwini chili ndi mbali imene sitiiganizira kawirikawiri. Mwana amakulira pakati pa mbumba ya mayi ake, kotero anthu amamuyerekeza ndi a kuchikazi onse, koma kuchimuna amangoona munthu mmodzi yekha, mkamwiniyo. Agogo ake obala bambo amakhala kwa Nsabwe, kumunsi kwa Thyolo, kumene mapiri amatsetserekera ku mtsinje wa Ruo. Mtsikanayu anali atawaonapo kangapo pa maliro, nkhalamba yowerama msana, yopanda mano akutsogolo, duku lofika m'nsidze. Palibe akadaona nkhope ya mtsikana wa zaka 16 mwa mayi woteroyo.

Pa tchuthi china tinamuperekeza kumeneko chifukwa agogowo ankadwala. Tsiku lachitatu anamutuma kuti atulutse buku lawo la kuchipatala m'sutikesi yachitsulo imene malemu amuna awo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Pansi pa nsalu panali Baibulo, ndipo m'kati mwake munagwa kachithunzi kokula ngati chikhatho, kopanda mitundu, kofiirira m'mbali. Ndinali pakhonde ndikusenda nthochi pamene anatuluka nako. Anaima pakhomo osayankhula, kenaka anafunsa ndi mawu otsika.

"Agogo, ameneyu ndani?"

"Bweretsa kuno, mkazi mnzanga," anatero iwo, monga agogo amatchulira adzukulu awo aakazi mwanthabwala. Anakayandikiza kumaso n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ameneyu ndi amene anakulanda mwamuna iwe usanabadwe."

Anajambulitsa chithunzicho mu 1973, ali ndi zaka 18 ndi mwana mmodzi wakhanda, bambo a mtsikanayu. Amuna awo anali atalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku South Africa, ndipo m'kalata anapempha chithunzi. Iwo pa nthawiyo ankathyola tiyi pa esiteti ina. Anasunga malipiro, anabwereka diresi kwa mnzawo, n'kupita kwa wojambula ku Limbe. Akuti anthu masiku amenewo ankaima chilili ngati asilikali, milomo yotseka, koma wojambulayo ananena kanthu koseketsa ndipo makina analira iwo akuseka. Ndicho chifukwa chake mpata wa mano ndi tizenje ta m'masaya zikuoneka bwino lomwe. Chithunzicho chinapita ku mgodi, ndipo chinabwerera ndi mwini wake pamene boma linaletsa kulemba anthu a ku migodi, ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo.

Mtsikanayu anatenga kalilole wa agogowo, naika chithunzi pambali pa nkhope yake. Anaona khosi lomwelo, chipumi chomwecho, makutu otuluka pang'ono kumtunda, ndi nsidze ya kumanzere yokwera kuposa inzake. Anayamba wayesa kuseka mobisa mano monga anazolowera, kenaka anaseka zenizeni, ndipo ife amene tinali pambali tinangogwira pakamwa.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi kuona kumene nkhope ija inapita. Agogowo anathyola tiyi zaka zoposa makumi awiri. Amene munagwirapo ntchitoyi mukuidziwa: kulowa m'munda mame asanaume, dengu kumsana, manja onse awiri akubudula masamba awiri ndi kansonga kake, thupi lowerama pa tiyi wofika m'chiuno, mvula ya Januwale ikukukhuthukirani. Dengu likadzadza mumalisenza kupita ku sikelo, kapitawo n'kuyang'ana ngati mwaikamo masamba okhwima, kalaliki n'kulemba kulemera kwake. Khosi lalitali lija linalowa m'mapewa chifukwa cha dengu ndi mitolo ya nkhuni. Mano akutsogolo atachoka, mpata unachoka nawo, masaya anagwera m'kati, tizenje tija tinasochera m'makwinya. Zimene zinatsala ndi zimene ukalamba susintha msanga: mpangidwe wa makutu, kutalikirana kwa maso ndi fupa la chipumi. Titadziwa poyang'ana, tinaziona pa nkhalambayo pompo, ndipo zinalipo masiku onse.

Kudumpha m'badwo kotereku si chozizwitsa. Mwana amatenga theka la chibadwa chake kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo theka la bambolo ndi losakaniza la makolo awo awiri. Choncho kwa gogo aliyense mwa anayi mwana amatengako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, wina mopitirira, wina mochepera. Bambo akhoza kunyamula chinthu cha mayi ake chimene pa nkhope yake sichinaonekere, n'kuchipereka kwa mwana. Ndiponso nkhope ya mwamuna wandevu siionetsa msanga zimene zimaonekera pa mwana wamkazi. Komabe ndinene mosabisa kuti kufanana si umboni, ndipo kusafanana si umboninso. Alipo ana ambiri amene agogo awo sanaimepo kutsogolo kwa wojambula, ndipo a ku chitsime aja analakwira mchemwali wanga kuyambira tsiku loyamba, chithunzi chikadapezeka kapena ayi.

Madzulo ake mtsikanayu anakhala pamkeka pafupi ndi agogo ake n'kuyamba mafunso amene palibe wa ife anawafunsapo: diresiyo inali ya mtundu wanji, popeza chithunzi sichinena, tsitsi anawaluka ndani, ku Limbe anapita bwanji. Iwo anati diresi inali yobiriwira ndipo inkawathina m'khwapa, nsapato zinali za mlamu wawo, ndipo anakwera sitima ya pamtunda mwana ali kumbuyo, n'kumusiya m'manja mwa mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo pa wojambulayo. Apo mpamene mtsikanayu anaona mphini ziwiri zazing'ono pa tsaya la m'chithunzi, nazifunafuna ndi chala pa tsaya la agogo mpaka anazipeza.

Pobwerera anapempha kuti atenge chithunzicho. Agogo anakana. Anati chinapita kale ku Joni n'kubwerako, maulendo ake anakwana. Anamulola kuchijambula ndi foni, panja pa mthunzi kuti chisanyezimire, kenaka anachibwezera okha m'Baibulo, natseka sutikesi, kiyi n'kumangirira pa mfundo ya chitenje.