Nyali ya kumbuyo imaulula banja, osati dzina

Galimoto ikagunda mwana pamsewu n'kuthawa, kawirikawiri chimatsala ndi chithunzi cha pafoni choonetsa nyali ya kumbuyo yokha. Anthu akandionetsa chithunzi chotere, poti amadziwa kuti ndimakonda magalimoto, sindifulumira kutchula dzina.

Ndimayamba ndaona mmene nyaliyo yakhalira. Ikakhala yoimirira m'mbali mwa chitseko cha kumbuyo, ndimaganizira kagalimoto kakafupi kapena yonyamula katundu. Ikakhala yogona, mbali ina ili pachitseko cha buti, nthawi zambiri imakhala saluni. Kenako ndimayerekeza ndi zithunzi za zaka zosiyanasiyana, chifukwa galimoto ya dzina limodzi imasintha nyali akaipanga mwatsopano.

Koma pali msampha. Toyota Passo ndi Daihatsu Boon, zomwe zinatuluka mu 2004, ndi mapasa: zonse anapanga ndi a Daihatsu, thupi lake ndi limodzi. Mukaona nyali yokha simungalumbire kuti iyi ndi Passo. Chozisiyanitsa ndi chizindikiro cha kampani ndi dzina lolembedwa pachitseko. Ngakhale chidutswa cha nyali chotoledwa pamsewu, cholembedwa KOITO kapena STANLEY, chikutchula amene anapanga nyaliyo, osati galimoto. Nambala yoyandikana ndi dzinalo ndiyo imathandiza ogulitsa zipangizo kuilondola.

Choncho ana anga, mukamapereka umboni nenani zimene mwaonadi: "Inali yoyera, yofanana ndi Passo." Mukangoti "Passo", mutha kumangitsa munthu wosalakwa, wolakwayo akuyenda mwamtendere pa Boon yake.