Tigwirizane Malipiro Asanafike

Mwana wanga wokondedwa,

Pa 1 mwezi wamawa ukuyamba ntchito ku Lilongwe, ndipo ine ndi bambo ako takhala pansi n'kugwirizana zoti ndikulembere. Nkhani yake ndi ya ndalama. Mabanja ambiri amayambana chifukwa aliyense amasunga mumtima zimene akuyembekezera kwa mnzake, osazinena. Makolo amawerengera malipiro a mwana ali kumudzi, mwana naye amaganiza kuti akalowa m'ngongole makolo adzagulitsa mbuzi. Ife tikufuna kuti udziwiretu zimene tikuyembekezera kwa iwe, ndi zimene iwe ungayembekezere kwa ife.

Choyamba, ndalama imene yalembedwa m'kalata yokulemba ntchito si imene udzalandire. Pa K500,000 ija, abwana adzayamba achotsa msonkho wa boma wopita ku MRA. Adzachotsanso K5 pa K100 iliyonse ya penshoni, yomwe kwa iwe ndi K25,000, ndipo lamulo limati iwonso aziwonjezerapo K10 pa K100 iliyonse kuchokera m'thumba mwawo. Yotsala yolowa ku akaunti yako siidzafika K400,000. Tiyerekeze kuti ndi K380,000. Pofuna nyumba, pogula foni, polonjeza munthu chilichonse, uziwerengera imeneyi. Pepala la malipiro uzilisunga mwezi uliwonse, ndipo chaka chikatha ukafunse sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yako. Alipo mabwana ena amene amadula ndalamayo koma osaipereka kumene iyenera kupita, ndipo wantchito amadzazindikira tsiku limene ntchito yatha.

Tsopano za kuno kumudzi. Miyezi itatu yoyamba usatitumizire kalikonse. Eni nyumba ambiri mumzinda amafuna lendi ya miyezi iwiri kapena itatu usanalowe, ndipo ukufunikanso matiresi, mbaula, mapoto ndi nsapato zopitira ku ntchito. Anthu adzakuuza kuti malipiro oyamba ndi a makolo. Ife takumasula pa mwambo umenewo. Ukafuna, udzatigulire paketi ya shuga, basi.

Kuyambira mwezi wachinayi, uzitumiza K30,000 pa foni yanga pasanathe masiku atatu chilandirire. Imeneyi ndi ya fizi ya mng'ono wako, ndipo ndizikuonetsa malisiti a kusukulu. Chimene ndikufuna kwambiri n'chakuti izibwera pa nthawi yake. Ndi bwino K30,000 imene ndikudziwa kuti ifika kusiyana ndi K100,000 yobwera mwezi uno kenako zii miyezi inayi, chifukwa ndikadziwa kuti ifika ndimatha kupita kwa ahedi n'kuwauza tsiku lolipira. Mwezi wina ukaona kuti sizitheka, undiuze tsikulo lisanakwane, osati kuzimitsa foni. Za feteleza tizikambirana mu Ogasiti, kuti ngati ungathandizeko uyambe kusunga msanga, osati tikudzidzimutse mvula itagwa kale.

Achibale adzakuimbira, ndipo ambiri adzakhala ndi mavuto enieni. Amalume ako adzafuna malata, msuweni wako adzafuna mpamba wa geni. Usawayankhe mwamwano, komanso usalonjeze chifukwa cha manyazi. Uziwauza kuti, "Zothandiza kumudzi ndimapereka kudzera kwa amayi, mukambirane nawo." Mlandu wokana ndiusenza ine, ndine wamkulu ndipo amandidziwa. Maliro ndi matenda aakulu n'zosiyana, pamenepo tonse timasonkha monga mwa nthawi zonse.

Nanga ife tikupatsa chiyani? Tikakolola tizikutumizira ufa, nyemba ndi mtedza pa basi. Ntchito ikadzatha, chipinda chako chilipo, ubwere osachita manyazi. Ukadwala tibwera. Koma ngongole zako sitidzabweza, ndipo munda kapena ziweto sitidzagulitsa chifukwa cha katapila. Ndanena poyera chonchi kuti usadzakongole uli ndi chiyembekezo choti kumbuyo kuli okuombola.

Pa katapilayu ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi amene amagwetsa antchito atsopano. Pafupifupi pa ofesi paliponse pamakhala munthu wokongoza, ndipo sakhala woopsa maonekedwe, amakhala mnzako wodya naye nsima masana. Tiyerekeze kuti pa 15 ndalama zakuthera, iye n'kukupatsa K100,000 kuti pakutha pa mwezi ubweze K150,000. Tsiku lolandira, pa K380,000 ija patsala K230,000. Ukachotsa lendi K90,000 ndi ya minibasi K60,000, watsala ndi K80,000 ya chakudya, magetsi, madzi, makala, sopo ndi mayunitsi a foni kwa mwezi wathunthu, ndipo ya mng'ono wako sunatumize. Mwezi wapitawu unali ndi ndalama yonse koma sinakwane, ndiye uno ikwana bwanji? Pa 10 wabwereranso kwa yemwe uja, ulendo uno kukatenga K150,000, yoti ubweze K225,000. Mwezi wachitatu ndalama yoposa theka la malipiro ako ikupita kwa iye, chonsecho palibe chimene wagula choti n'kuloza. Chizindikiro choti walowa m'dzenje ndi ichi: ukukongola kuti ubweze ngongole ina, kapena wokongozayo wakuuza kuti umusiyire khadi yako ya kubanki ndi nambala yake yachinsinsi. Ukangofika pamenepo undiimbire tsiku lomwelo. Ndalama sindikupatsa, koma tikhala pansi n'kuona choti udule, kaya kusamukira m'nyumba yotsika mtengo kaya kugulitsa foni, ngongoleyo isanabereke ina.

Chokutchinjiriza kwa katapila ndi ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi. Tsiku lolandira lomwelo, usanagule kanthu, uzichotsa K40,000 n'kuiika ku akaunti ina imene sunailumikize ku Mpamba kapena Airtel Money, kuti kuitapa kuzifuna ulendo wa kubanki. Ikakhala pa foni imatha ndi mabandulo ndi tchipisi osadziwa. Pakatha miyezi khumi udzakhala ndi K400,000, yoposa malipiro a mwezi umodzi. Anzako adzakuuza kuti kusunga makwacha n'kutaya, ndipo sakunama kwenikweni: mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira inakwera tonse tikuona. Komabe ngakhale ndalama yosungayo itafooka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pa chaka, katapila amakudya theka pa mwezi umodzi. Ndalama yosungayo ikadzakwana malipiro a miyezi iwiri, yowonjezerapo ndiye tidzakambirane zoigulira chinthu chosafooka msanga, monga poloti kapena ziweto.

Ku ntchito adzakuitaniranso ku banki mkhonde kapena chipereganyu. Si zoipa, inenso ndili m'gulu kuno. Koma chaka choyamba ungoonerera kaye. Ufunse amene amasunga ndalama, ngati malamulo ndi olembedwa, chimene amachita munthu akathawa ndi ngongole, ndiponso ngati amakakamiza membala aliyense kukongola. Magulu ena amatero kuti chiwongoladzanja chichuluke, ndipo umapezeka ukubweza ngongole imene sunaifune.

Pepala la malipiro loyamba likatuluka, utiimbire Lamlungu madzulo, bambo ako atabwera kutchalitchi, kuti tiwerengere limodzi mzere uliwonse. Tidzachita zimenezi kamodzi kokha. Pambuyo pake sitidzakufunsanso kuti ukulandira zingati, ngakhale akadzakukweza. Thumba la ufa ndakonza kale, ndipo nyemba ndaika m'chigubu kuti zisafumbwe.

Ndine amako.